Kasitomala akayankha kuti "taonani chithunzicho"

Amisiri okonza sola mu Zomba muno ntchito yambiri amayamba kuigwirira pa foni asanafike pamalo. Kasitomala ali ku Jali, ku Thondwe kapena kufupi ndi doko la Kachulu, ndipo ulendo wopita kumeneko umadya ndalama ya galimoto ndi kabaza komanso theka la tsiku. Choncho kasitomala amatumiza chithunzi pa WhatsApp ndi mawu awiri atatu, mmisiri amafunsa funso kuti amvetse, ndipo yankho limabwera lalifupi: "Taonani chithunzicho." Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Ena amapsa mtima n'kuyankha mwaukali, ena amangoganizira vuto n'kuuza munthu kuti akagule chipangizo chomwe sichinali chofunika. Zonse ziwirizi n'zopeweka, ndipo njira yake imaoneka bwino tikatsata nkhani imodzi kuyambira poyamba.

Tiyerekeze mayi wina wa golosale ku Jali, amenenso amatchaja mafoni a anthu. Watumiza chithunzi cha kontirola ya sola, kabokosi kaja kokhala pakhoma pakati pa panelo ndi batire. Pa sikirini yake pakuoneka `13.7V`. Pansi pa chithunzi walemba kuti, "Magetsi akumazima msanga usiku." Mmisiri wafunsa kuti, "Batire yanu ndi ya mtundu wanji, yaikulu bwanji, ndipo mwalumikizako zinthu zingati?" Mayi aja ayankha kuti, "Taonani chithunzicho."

Choyamba n'kumvetsa chimene mayiwa akunena. Kawirikawiri si mwano. Iwo pojambula anali ataima m'chipindamo, akuona batire pansi, mawaya akukwera kudenga, kanema ali pa shelefu. M'maganizo mwawo zonsezo zili m'chithunzi, chifukwa akachiyang'ana amakumbukira chipinda chonse. Mmisiri akuona kabokosi kokha ndi kachidutswa ka khoma. Ndiye mayiwa akamati taonani, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti anayankha kale. Palinso china chimene anthu ambiri sanena: funso lija linali ndi mafunso atatu mkati mwake, ndipo mwina palibe ngakhale limodzi lomwe akudziwa yankho lake. Munthu wamkulu, mwini bizinesi, savomera msanga kwa mnyamata wa ku tauni kuti sadziwa kusiyana kwa batire ya galimoto ndi ya sola. Kuloza chithunzi ndi njira yothawira manyazi amenewo. Onjezanipo kuti bandulo ikhoza kukhala ikutha, netiweki ikubwera n'kupita, makasitomala ali pa windo, mwinanso foniyo ndi yobwereka kwa mwana.

Mawu olembedwa alibe nkhope. "Taonani chithunzicho" munthu akalankhula pamaso akumwetulira ndi pempho wamba, koma pa sikirini amamveka ngati kukalipa. Ndi bwino kuwawerenga m'njira yofatsayo. Ngakhale zitakhala kuti mayiwa analidi atakwiya, yankho lothandiza ndi lomwelo, choncho palibe chimene mmisiri amataya poganiza zabwino.

Chinthu choyamba kuchita si kulemba. Ndi kubwerera ku chithunzi n'kuchiyang'anadi. Izi zikumveka zachibwana, koma amisiri ambiri amafunsa mafunso awo achizolowezi asanachikulitse n'komwe chithunzicho, ndipo nthawi zina kasitomala amakhala akunena zoona. Kontirola zambiri zazing'ono zimakhala ndi mabowo a mawaya 6 pansi pake: awiri a panelo, awiri a batire, awiri a zogwiritsa ntchito magetsi, pomwe pamakhala kachizindikiro ka babu. Pa chithunzi cha mayi a ku Jali, mukachikulitsa, mabowo awiri omalizawo alibe waya. Ichi ndi chinthu chachikulu. Chikutanthauza kuti mababu ndi zina zonse zalumikizidwa mwachindunji ku batire. Kontirola ili ndi ntchito yodula magetsi batire ikatsika kwambiri, nthawi zambiri ikafika cha m'ma 11V, koma imatha kudula zokhazo zodutsira pa mabowo akewo. Zolumikizidwa ku batire zimapitiriza kuyamwa mpaka batire kuuma. Ndiye mbali ina ya funso la mmisiri inali itayankhidwa kale pa chithunzi, ndipo akadalimbikira kuti "chithunzi chanu sichikuonetsa kanthu" akadakhala wolakwa ndi iyeyo.

Chachiwiri ndi kudziwa zomwe chithunzicho sichingathe kunena, ngakhale chitajambulidwa bwino chotani. Nambala ya `13.7V` ikuoneka yosangalatsa, ndipo mwina n'chifukwa chake mayiwa akudabwa: sikirini ikuti zonse zili bwino, nanga magetsi akuzimiranji? Koma nambala imeneyi imaoneka pamene panelo ikutchaja. Batire yabwino ya 12V imaonetsa pakati pa 13V ndi 14.4V dzuwa likamawala. Batire yotheratu nayonso imaonetsa chimodzimodzi, ndipo imafikako msanga kuposa yabwino, chifukwa ili ngati ndowa yodzaza mchenga: madzi pang'ono yadzaza kale, kutungamo kapu imodzi yauma. Choncho nambala ya masana siisiyanitsa batire yamoyo ndi yakufa. Yomwe imasiyanitsa ndi ya madzulo, dzuwa litalowa, batire itapuma. Chithunzi chimagwira kamphindi kamodzi, pomwe vuto la mayiwa likuchitika pakati pa madzulo ndi usiku. Sikirini ya kontirola zambiri imasinthasinthanso, pena kuonetsa za batire, pena za panelo, ndipo chithunzi chimagwira tsamba limodzi lokha.

Mmisiri akadziwa mbali ziwirizi, zooneka ndi zosaoneka, ndiye kuti yankho lapezeka. Likhoza kukhala lotere:

"Zikomo mayi, chithunzi ndachiona bwinobwino. Pa sikirini pakuoneka 13.7V, kusonyeza kuti panelo yanu ikutchaja, ndiye kumeneko kukuoneka kuti kuli bwino. Ndaonanso kuti mabowo awiri akumanja alibe waya, tidzakambirana zimenezo. Chimene sichinalowe m'chithunzimu ndi batire, ndipo ndikuganiza kuti vuto lingakhale kumeneko. Mungandijambulire mbali ya batire yomwe ili ndi zolembalemba? Muyandikire ndithu kuti manambala aziwerengeka."

Taonani mmene uthengawu wakhalira. Wayamba ndi kutchula nambala yeniyeni ya pa chithunzi. Kungoti "ndaona" sikukwanira, chifukwa aliyense akhoza kutero. Koma mukatchula 13.7V ndi mabowo opanda waya, mayiwa adziwa kuti khama lawo silinapite pachabe, ndipo mtima umatsika pomwepo. Kutchulaku kuli ndi phindu linanso: ngati mukuyang'ana chithunzi cholakwika, zidziwika nthawi yomweyo. Zimachitika kuti munthu watumiza zithunzi zitatu koma chafika chimodzi chifukwa cha netiweki, ndipo chomwe akuti taonani ndi chimene chikadali kuzungulira pa foni yake. Akamva mukunena za kontirola pomwe iye akunena za batire, adziwa kuti china sichinafike.

Kenako uthengawu wapereka kanthu kaphindu usanapemphe kanthu. Mayiwa amva kuti panelo ikugwira ntchito. Munthu amene walandirako yankho, ngakhale la theka, amakhala wokonzeka kupita kukajambulanso. Amene wangolandira funso lachiwiri pamwamba pa loyamba amaona ngati akumuzunguza.

Chosowacho chaikidwa pa chithunzi, osati pa munthu. "Batire sinalowe m'chithunzimu" ndi "simunajambule batire" zikunena chinthu chimodzi, koma mawu achiwiriwo akuloza chala. Kusiyana kwake n'kochepa polemba, koma kwa wowerenga n'kwakukulu. Mawu ngati "monga ndanenera kale", "ndakufunsani funso losavuta" kapena "mukadawerenga bwino" ndi ofunika kuwasiyiratu. Ngakhale mutayamba ndi "pepani" kapena "chonde", ululu wake suchoka. Chimodzimodzinso kusintha kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe", kapena kusiya "mayi" ndi "bambo" mkati mwa kukambirana: munthu amamva kuti mwatopa naye.

Koma mbali yomwe timaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse ndi iyi: funso lasintha mtundu. Poyamba linkafuna kuti mayiwa adziwe kanthu. Tsopano likufuna kuti achite kanthu komwe asonyeza kale kuti amatha, ndiko kujambula. Munthu akayankha kuti taonani chithunzi, wakuuzani njira yomwe iye amamasuka kulankhulira. Musamukokere ku njira yanu ya mawu aukatswiri. Mutsatireni ku yake, n'kumuuza poti aloze kamera. Kubwereza funso lomwelo ndi mawu omwewo sikuthandiza, pakuti ngati linakanika koyamba, chomwe chinalikanikitsa chikadalipo.

Ndipo likhale funso limodzi. Mmisiri ali ndi mafunso mwina asanu m'mutu, koma asankhe lomwe yankho lake lingasinthe malangizo ake. Mtundu wa khoma, dzina la shopu yomwe anagula kontirola, zimenezo sizisintha kanthu. Kukula ndi mtundu wa batire kumasintha zonse. Pa foni, anthu ambiri akalandira mafunso angapo amayankha lomaliza kapena losavuta, ena onse n'kuwasiya. Ndi bwino kupita kanayi ndi funso limodzilimodzi kusiyana ndi kutumiza mndandanda womwe ubweretsenso "taonani chithunzicho".

Tsopano tinene kuti mayi aja atumiza chithunzi cha batire, koma manambala sakuwerengeka. Izi n'zofala, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Batire imakhala pansi pakona pamdima, choncho foni imayatsa fulashi, kuwala n'kugunda pa sitika yonyezimira, pomwe pali nambala n'kungooneka poyera. Kapena dzanja linagwedezeka. Kapena galasi la kamera lili ndi mafuta a m'manja. Palinso WhatsApp yeniyeniyo, yomwe imachepetsa chithunzi pochitumiza kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo zilembo zing'onozing'ono ndi zomwe zimayamba kufufutika. N'chifukwa chake pa foni ya wotumiza chithunzi chimaoneka bwino pomwe kwa wolandira ndi chambuu, ndipo awiriwa amatha kukangana aliyense akunena zoona. Mmisiri anene poyera kuti "kuno chafika chosaoneka bwino", kuti mayiwa asaganize kuti akuwatsutsa.

Pali njira zotumizira chithunzi chosachepetsedwa, monga kudina `HD` kapena kuchitumiza ngati `Document`, koma kwa munthu amene bandulo ikumuthera, njira zimenezi n'zodula komanso zimafuna kufotokoza kwina. Yachidule ndi kumuuza kuti apukute kamera ndi nsalu, atsegule chitseko kuti kuwala kulowe, azimitse fulashi, ndipo ayandikire mpaka zolembazo zidzaze sikirini yonse. Zikakanikabe, musiyeni kujambula: "Mayi, pa batirepo fufuzani nambala yomwe yatsatana ndi zilembo Ah, kapena yoyamba ndi N, mundiwerengere." Akhoza kuwerenga pa uthenga wa mawu ngati kulemba kukuwavuta. Ndipo ngati chithunzi chinatumizidwa m'njira yoti chitsegulidwe kamodzi kokha, ingopemphani kuti atumizenso mwa nthawi zonse, chifukwa ntchito imeneyi imafuna kubwererako kangapo.

Yankho labwera: pa batire palembedwa `N70`. Mmisiri wadziwa tsopano kuti ndi batire ya galimoto ya pafupifupi 70Ah, ndipo Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi omwe batire imasunga. Batire ya galimoto inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako n'kudzazidwa nthawi yomweyo. Kuitsitsa kwambiri usiku uliwonse kumaifooketsa msanga, kusiyana ndi batire zolembedwa `Deep Cycle` zomwe zimapirirako. Apa pali chiyeso chachikulu chongonena kuti, "Batire yafa, gulani ina." Mwina n'zoona. Koma batire ndi ndalama zambiri kwa mayi wa golosale, ndipo zizindikiro zomwezi zikhoza kubwera chifukwa batire yabwinobwino sikukhuta masana. Safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani iyi wodya phulayo amakhala kasitomala, chifukwa cha mmisiri amene anatopa kufunsa.

Choncho pakufunika kuyeza kumodzi, ndipo nakonso kuperekedwe ngati ntchito ya manja yokhala ndi nthawi yake: "Lero dzuwa likalowa, musayatse chilichonse kwa ola limodzi, ngakhale kutchaja foni. Kenako mujambule sikirini ija. Mukatero muyatse mababu ndi kanema monga mwa masiku onse, mudikire mphindi 10, mujambulenso." Zithunzi ziwiri zimenezi zikunena zomwe chithunzi cha masana sichikadanena. Ndi bwinonso kuwauza chifukwa chake m'mawu ochepa, kuti nambala ya masana ndi ya dzuwa, ya madzulo ndiye ya batire. Munthu akadziwa chifukwa, sadumpha ola lodikira lija. Akapanda kudziwa, ajambula dzuwa likadali pa panelo ndipo mubwerera pomwe munayambira.

Kawerengedwe kake nkotere. Batire ya asidi ya 12V yodzaza, itapuma, imaonetsa pafupifupi 12.6V kapena kupitirirako pang'ono. Ikakhala pa theka imaonetsa cha m'ma 12.1V kapena 12.2V. Ikatsika pansi pa 12V ndiye kuti yatsala pang'ono kuuma. Ngati choyamba mwa zithunzi ziwiri za madzulozo chikuonetsa 11.9V asanayatse kanthu, batire sikukhuta, ndipo maso atembenukire kudenga: fumbi pa panelo, mthunzi wa mtengo wa mango womwe wakula, kapena nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwira dera la Zomba, pamatha masiku angapo dzuwa losaoneka bwino, ndipo madandaulo oti magetsi akuzima msanga amachuluka ngakhale kwa anthu omwe zipangizo zawo zilibe vuto. Koma tinene kuti choyamba chaonetsa `12.5V`, chachiwiri `11.3V` patangopita mphindi 10. Mababu 4 a 5W ndi kanema wa 40W ndi 60W pamodzi, zomwe pa 12V ndi 5A. Batire yabwino ya 70Ah ikhoza kupereka 5A kwa maola pafupifupi 7 isanafike pa theka. Iyi yagwa m'mphindi 10. Chatsala n'kuonetsetsa kuti pa mitu ya batire palibe ufa woyera kapena wobiriwira ndiponso kuti mawaya amangidwa zolimba, chifukwa polumikizira pofooka napo pamagwetsa nambala. Chimenechi ndi chithunzi chinanso chimodzi. Mitu ikakhala yoyera ndi yolimba, batireyo yatha mphamvu.

Nkhani siithera pamenepo, chifukwa batire yatsopano idzafanso imfa yomweyo ngati chomwe chinapha yakale sichinapezeke. Apa ndi pamene funso lachitatu la poyamba lija, la zinthu zolumikizidwa, limabwereranso, ndipo tsopano mayiwa aliyankha mosavuta chifukwa aona kuti mafunsowa akupita kwinakwake. Tinene kuti panelo ndi ya 100W. Pa kontirola wamba, panelo yotere imapereka pafupifupi 5.5A dzuwa likakhala pamutu, ndipo pa tsiku lowala bwino tingawerengere maola 5, kutanthauza 27Ah. Zotuluka: mababu aja kwa maola 5 ndi 100Wh, kanema kwa maola 4 ndi 160Wh, mafoni 15 pa tsiku tikawerengera 12Wh iliyonse ndi 180Wh. Zonse pamodzi ndi 440Wh, zomwe tikagawa ndi 12 zikupereka pafupifupi 37Ah. Zolowa 27, zotuluka 37. Tsiku lililonse batire inkabwereka 10Ah zomwe sinkabweza, ndipo popeza mawaya sanadutsire pa kontirola, panalibe choiletsa kuuma. Mabowo awiri opanda waya aja, omwe anali pa chithunzi choyambirira, ndi theka la yankho lonse. Ndi chinthu chabwino kuwauza mayiwa zimenezi: "Chithunzi chanu choyamba chija chinathandiza, ndi pomwe ndinaonera kuti mababu sakudutsira pa kontirola." Si kunyengerera, n'zoona.

Malangizo omaliza akhale omveka mbali zake: batire ya sola m'malo mwa ya galimoto, mababu asamutsidwire pa mabowo a kontirola, ndipo panelo iwonjezedwe kapena mafoni otchaja achepe. Invata, yomwe imasintha magetsi a batire kukhala onga a ESCOM, ngati ilipo imalumikizidwa ku batire kudzera pa fyuzi, osati pa mabowo a kontirola, chifukwa imakoka mphamvu yoposa yomwe kontirola yaing'ono ingapirire. Ndipo posintha batire, choyamba kuchotsa ndi waya wa panelo, pobwezera choyamba kulumikiza ndi batire. Kontirola zambiri zimazindikira ngati dongosolo ndi la 12V kapena 24V kuchokera ku batire, ndipo kusiya panelo yokha pa kontirola dzuwa likuwala kukhoza kuiononga.

Sikuti nthawi zonse zimayenda bwino chonchi. Alipo amene ayankhenso kachiwiri kuti, "Ndati taonani chithunzicho, si inu katswiri?" Apa ulemu ukhalepobe, koma ulemu sukutanthauza kunamizira kudziwa. Njira yabwino ndi kupereka yankho lokhala ndi nthambi: "Bambo, kuchokera pa chithunzi chokhachi ndinganene zinthu ziwiri. Ngati magetsi akuzima patangopita mphindi zochepa mutayatsa, kawirikawiri ndi batire yotha. Ngati akukhala maola awiri atatu ndipo zayamba ndi mitambo ino, mwina batire sikukhuta chabe. Kwanuko zikuchitika ziti?" Funso losankha pakati pa ziwiri ndi lopepuka kuposa lofuna kufotokoza, ndipo munthu amadzizindikira yekha mbali yomwe ali. Lasonyezanso, popanda kukangana, chifukwa chimene chithunzi chokha sichikukwanira: mayankho ndi awiri, ndipo mtengo wake ndi wosiyana kwambiri.

Pa uthenga wachitatu wopanda chatsopano, kulemba kwalephera, ndipo ndi bwino kusintha njira m'malo moonjezera mawu. Kuimba foni kwa mphindi ziwiri kumamaliza zomwe mauthenga khumi akanika, chifukwa mawu apakamwa amabweza ulemu womwe zolemba zinabisa. Muyambe ndi moni wonse, kufunsa za kunyumba, kenako muwapemphe aime pafupi ndi batire muziwafunsa akuyang'ana. Mukhozanso kufunsa mwaulemu ngati pali wina pakhomopo amene analipo poika solayo. Funso limeneli lisamveke ngati mukuti iwowo sangathe. Nenani kuti mwina iyeyo akukumbukira zomwe zinagulidwa. Nthawi zambiri wolemba uthengayo ndi wotumidwa chabe, ali ku Chinamwali pomwe sola ili kumudzi kwa makolo, ndipo akuti taonani chithunzi chifukwa iyenso ali ndi chithunzi chokhacho. Funso loti "Kodi muli pomwe pali solapo?" likadafunsidwa koyambirira likadapulumutsa nthawi ya onse. Akati ayi, pemphani kuti akulumikizeni ndi amene ali pamalopo.

Mmisiri amene akuthandizidwa ndi wachinyamata woyankha mauthenga pa shopu amuphunzitse chinthu chimodzi: asayankhe mtima uli m'mwamba. Uthenga wolembedwa mokwiya umakhala pa foni ya kasitomala mpaka kalekale, ndipo umaonetsedwa kwa anthu ena kumsika ndi kutchalitchi. Kudikira mphindi zisanu n'kuyang'ananso chithunzi n'kokwanira. Koma kungokhala chete tsiku lonse ngati chilango nakonso ndi mwano, ndipo kasitomala amakumva. Ngati muli padenga kwina, lembani kuti mwaona ndipo muyankha madzulo.

Pali malo amodzi pomwe dongosolo lonseli limasintha, ndipo pamenepa timalimbikira kwambiri. Ngati pa chithunzi pakuoneka choopsa, chinenedwe choyamba, mafunso onse asanabwere, ngakhale kasitomala sanafunse za icho. Batire yotupa m'mbali, waya wosungunuka chikopa, pulasitiki yakuda pa bowo la kontirola, mawaya opiringizidwa ndi manja opanda chokutira pafupi ndi denga la udzu, batire yokhala pambali pa mbaula: zonsezi sizidikira kuti tidziwe kukula kwa panelo. Batire ya asidi ikamatchajidwa imatulutsa mpweya woyaka, ndipo munthu amene mwamutuma kukajambula madzulo akhoza kupita ndi kandulo kapena koloboyi kuti aone bwino manambala. Choncho potuma munthu ku batire usiku, onjezani kuti aunikire ndi tochi, osati moto. Akanena kuti pakumveka fungo ngati la mazira oola kapena batire ikutentha poigwira, auzeni achotse waya wa panelo ngati angathe kutero bwinobwino, atsegule mawindo, ana asayandikire, ndipo asayatsenso kanthu. Zikafika apa za zithunzi zatha. Chotsala n'kupangana tsiku ndi mtengo wa ulendo, mmisiri apite ku Jali ndi mita yake akayeze yekha.